Kuchotsa Mtovu M'madzi ndi Zitsononkho za Chimanga: Zofunika M'pulopozo ya Kafukufuku wa Masitazi

Pulopozo ya kafukufuku ndi chikalata chimene wophunzira wa digiri yachiwiri, ya masitazi, amapereka ku dipatimenti yake asanaloledwe kuyamba ntchito mu labotale. M'chikalatacho amalembamo funso limene akufuna kuyankha, njira imene adzatsate poliyankha, zipangizo zimene adzafune, ndalama zimene zidzalowe ndi miyezi imene ntchitoyo idzatenge. Komiti ya aphunzitsi imachiwerenga, imaitana wophunzirayo kuti adzayankhe mafunso, kenaka imavomereza kapena kumubweza kuti akakonze.

Umodzi mwa mitu imene ophunzira a kemisitiri ndi a uinjiniya wa madzi amakonda kusankha ndi wochotsa zitsulo zapoizoni m'madzi otayidwa pogwiritsa ntchito zinthu zotchipa, monga mankhusu a mpunga, utuchi, makoko a nthochi, njere za cham'mwamba ndi zitsononkho za chimanga. Mutuwu umaoneka wophweka, chifukwa pafupifupi chomera chilichonse chouma chikaperedwa n'kuthiridwa m'madzi a zitsulo chimagwirako pang'ono. Kuphwekako n'kumene kumagwetsa mapulopozo ambiri. Pulopozo yolimba imasankha chitsulo chimodzi, chogwirira chimodzi ndi madzi a malo amodzi, n'kuonetseratu mmene wofufuza adzadziwire kuti chitsulocho chagwidwadi, komanso kumene chidzapite chikagwidwa. Chitsanzo chimene chimaonetsa bwino zonsezi ndi kuchotsa mtovu m'madzi ochokera kumalo okonza ndi kuphwasula mabatire a galimoto, pogwiritsa ntchito zitsononkho za chimanga.

Vuto loyambira

Gawo loyamba la pulopozo limafotokoza vuto. Zitsulo zimene akatswiri amazitcha zolemera, monga mtovu, kadimiyamu, kiromiyamu ndi mekyule, zimasiyana ndi zonyansa za m'chimbudzi pa chinthu chimodzi chachikulu: siziwola. Tizilombo ta m'madamu oyeretsera madzi timadya zonyansa zina mpaka kuzitha, koma mtovu timangousiya momwemo. Kuwiritsa madzi sikuuchotsanso. Ukalowa mumtsinje umakhazikika m'matope, umalowa m'masamba a m'dimba lothiriridwa ndi madziwo ndi m'nsomba, kenaka m'thupi la munthu, momwe umakhalitsa m'mafupa kwa zaka zambiri. Amene umawapweteka kwambiri ndi ana aang'ono, chifukwa umasokoneza kakulidwe ka ubongo.

Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO lidaika malire a mtovu m'madzi akumwa pa mamiligalamu 0.01 pa lita imodzi, ndipo limanena kuti palibe mlingo wa mtovu m'magazi umene ukudziwika kuti ndi wosavulaza. Tauni ya Kabwe ku Zambia ndi umboni wa kukhalitsa kwa chitsulochi: mgodi wa mtovu ndi zinki kumeneko udatsekedwa mu 1994 utagwira ntchito zaka pafupifupi 90, koma dothi la m'makomboni oyandikana nawo likuikabe mtovu m'magazi a ana.

Komabe gawoli siliyenera kuthera pa zoopsa za mtovu. Liyenera kutchula madzi amene wofufuza adzagwirepo ntchito: akuchokera kuti, ndi malita angati pa tsiku, ndipo akathera mu ngalande kapena mumtsinje uti. Komiti imayembekezeranso kuona malire a madzi otayidwa amene bungwe loona za miyezo m'dzikomo lidaika, monga a Malawi Bureau of Standards, popeza malire a madzi akumwa ndi a madzi otayira mumtsinje ndi osiyana.

Mmene chitsononkho chimagwirira mtovu

Njira zochotsera zitsulo zilipo kale. Yodziwika kwambiri ndi yothira laimu kuti chitsulo chisanduke matope n'kudikha pansi. Njirayi imathandiza chitsulo chikakhala chambiri, koma imasiya matope ochuluka ndiponso siimaliza kachitsulo kotsalira. Kuti kotsalirako kachoke, mafakitale akuluakulu amagwiritsa ntchito makina osefa ndi mphamvu ya magetsi, kapena makala apadera okonzedwa ku fakitale, amene nthawi zambiri amaitanitsidwa kunja. Kamalo kokonza mabatire sikangakwanitse zimenezi. Apa ndi pamene zogwirira zotchipa zimalowera.

Mtovu wosungunuka m'madzi umakhala tizidutswa tosaoneka tokhala ndi mphamvu ya magetsi ya pozitivu, timene amatilemba kuti Pb2+. Pamwamba pa ufa wa chitsononkho pali timalo tambirimbiri tokhala ndi okosijeni, timene timakoka tizidutswato n'kutigwira. Mtovu sulowa m'kati mwa ufa monga mmene madzi amalowera m'thonje, koma umakakamira kunja kwake ngati chisoso pa chovala. Akatswiri amautcha mchitidwewu adisopushoni. Chitsononkho chikatenthedwa mopanda mpweya wokwanira chimasanduka makala okhala ndi timabowo tambiri, motero malo okakamirapo amawonjezeka.

Pali zinthu ziwiri zochokera pamenepa zimene zimalamulira kafukufuku yense. Choyamba, timaloto tili ndi malire, ndipo tikadzaza ufa sugwiranso kanthu. Chachiwiri, timaloto sitisankha mtovu wokha: chilichonse cha m'madzimo chokhala ndi mphamvu ya pozitivu chimalimbirana nawo malo.

Funso la kafukufuku

Gawo lounika zimene ena adalemba liyenera kuthera pa mpata umene sunadzazidwe. Kafukufuku wa mtundu umenewu si wachilendo. Ku Chancellor College ku Zomba, akatswiri a kemisitiri adafalitsa mu 2006 zotsatira za ntchito yochotsa mtovu m'madzi ndi ufa wa njere za mitundu iwiri ya cham'mwamba, ndipo m'maiko ambiri zitsononkho nazo zidayesedwa kale. Choncho kulemba kuti cholinga n'kuona ngati zitsononkho zingachotse mtovu n'kufunsa funso loyankhidwa kale. Mpata uli poti ambiri mwa akafukufuku otere adachitika ndi madzi oyera a mu labotale othiridwa mtovu wokha, osati madzi enieni a ku fakitale.

Funso labwino lingakhale ili: kodi makala a zitsononkho otenthedwa pa madigiri 500 angatsitse mtovu wa m'madzi a kumalo okonza mabatire kufika pa malire ololedwa, ndipo pangafunike makilogalamu angati pa malita 1,000 aliwonse? Funso lotere likhoza kuyankhidwa kuti inde kapena ayi, ndipo yankho lake ndi nambala imene mwini fakitale angaigwiritse ntchito. Zolinga zing'onozing'ono zimatuluka m'funsoli: kukonza ufa ndi kuupima, kupeza mkhalidwe wa madzi umene ufawo umagwirira bwino, kuyerekeza madzi a mu labotale ndi madzi enieni, ndi kupeza njira yosamalira ufa wodzaza mtovu. Zolinga zinayi n'zokwanira chaka chimodzi. Pulopozo yolonjeza zitsulo zisanu ndi zogwirira zinayi imachulutsa masampulo mpaka ndalama ndi nthawi zimatha ntchito ili pakati.

Kukonza ufa

Gawo la njira liyenera kulembedwa mwatsatanetsatane, moti munthu wina akhoza kulitsata popanda kufunsa. Zitsononkho zimatengedwa malo amodzi, za mtundu umodzi wa chimanga, ndipo zimasonkhanitsidwa kamodzi zokwanira kafukufuku yense, kuti ufa wa mwezi woyamba usasiyane ndi wa mwezi wachisanu. Zimatsukidwa ndi madzi apampopi, kenaka ndi madzi otcheza a mu labotale, n'kuyanikidwa padzuwa, n'kumalizidwa mu uvuni pa madigiri 105 mpaka kulemera kwake kutasiya kutsika. Zikauma zimaperedwa n'kusefedwa kuti patsale timisere ta pakati pa theka la milimita ndi milimita imodzi. Kukula kwa timisere n'kofunika. Ufa wosalala kwambiri umagwira msanga chifukwa uli ndi malo ambiri okakamirapo, koma umatseka sefa ndipo madzi amalephera kudutsa.

Ufawo umagawidwa pawiri. Gawo lina limasiyidwa laliwisi. Lina limaikidwa m'kambiya kotseka bwino n'kutenthedwa pa madigiri 500 kwa maola awiri, ndipo makala amene amatuluka amalemera pafupifupi magawo atatu mwa magawo khumi a ufa umene udalowa. Chogwirira chachitatu ndi makala a ku fakitale ogula, amene ntchito yake ndi kukhala muyeso. Popanda muyesowu, palibe angadziwe ngati nambala imene zitsononkho zapereka ndi yabwino kapena yochepa. Ngati labotale ili ndi makina a FTIR, ufa umapimidwa usanakumane ndi mtovu komanso utakumana nawo, kuti zidziwike kuti ndi timalo ta mtundu wanji timene tagwira chitsulocho.

Kuyesa m'mabotolo

Kuyesa koyamba kumachitika ndi madzi opangira mu labotale momwemo. Magalamu 1.598 a mchere wa mtovu wotchedwa Pb(NO3)2 akasungunulidwa mu lita imodzi ya madzi otcheza amapereka mamiligalamu 1,000 a mtovu pa lita, ndipo madzi ena onse oyesera amapangidwa posukulutsa amenewa. M'botolo lililonse mumathiridwa mamililita 100 a madzi a mtovu ndi ufa woyezedwa pa sikelo. Botolo limaikidwa pa makina ogwedeza, kenaka madzi amasefedwa n'kupimidwa ndi makina a AAS, amene amawaza madziwo m'lawi la moto n'kuyeza kuwala kumene mtovu wameza.

Manambala ongoyerekezera akhoza kuonetsa kawerengedwe kake. Madzi ali ndi mamiligalamu 50 a mtovu pa lita, ufa wa makala ndi theka la galamu, ndipo atagwedezedwa maola awiri mtovu wotsala ndi mamiligalamu 8 pa lita. Mtovu wochoka ndi 42 mwa 50, kutanthauza 84 pa 100 aliwonse. Koma nambala imeneyi payokha imanyenga, chifukwa aliyense akhoza kuikweza pongowonjezera ufa. Nambala yothandiza ndi ya mtovu umene galamu imodzi ya ufa yagwira, ndipo imapezeka motere:

q = (C0 − Ce) × V / m

Pamenepa C0 ndi mtovu wa poyamba, Ce ndi wotsala, V ndi kuchuluka kwa madzi m'malita, ndipo m ndi kulemera kwa ufa m'magalamu. Pa chitsanzochi, 42 kuchulukitsa ndi 0.1 n'kugawa ndi 0.5 kumapereka mamiligalamu 8.4 pa galamu. Nambala iyi ndi imene ingayerekezedwe ndi ya makala ogula kapena ya ofufuza ena. Mpofunikanso kuona kuti madzi amene achotsedwa 84 pa 100 aliwonse a mtovu wake akadali ndi mtovu wochuluka ka 800 kuposa malire a madzi akumwa. Pulopozo yoona mtima imanena kuyambira pachiyambi kuti cholinga chake n'kuyeretsa madzi otayidwa, osati kupanga madzi akumwa.

Kuyesaku kumabwerezedwa posintha chinthu chimodzi pa nthawi, zina zonse zili chimodzimodzi: ukali wa asidi m'madzi, umene umayezedwa ndi pH, kuchuluka kwa ufa, nthawi yogwedeza ndi kuchuluka kwa mtovu wa poyamba. Pa nthawi yogwedeza, masampulo amatengedwa kuyambira mphindi 5 mpaka maola atatu kapena anayi. Kawirikawiri mtovu umatsika mofulumira m'mphindi zoyambirira, pamene timalo tambiri tili topanda kanthu, kenaka umatsika pang'onopang'ono mpaka kuima. Nthawi imene waimirayo ndi imene imagwiritsidwa ntchito pa kuyesa kwina konse.

Mmene zotsatira zabodza zimabwerera

Mtovu ukhoza kusowa m'madzi popanda ufa kugwira kanthu, ndipo pulopozo iyenera kuonetsa kuti wofufuza akudziwa njira zimene zimenezi zimachitikira. Njira yaikulu ndi ya pH. M'madzi a asidi wambiri, pa pH 2, tizidutswa ta hayidirojeni timadzaza timalo ta pa ufa ndipo mtovu umagwidwa wochepa. Asidi akamachepa, kugwira kumakwera. Koma pH ikapitirira 6, mtovu umayamba kudikha wokha ngati tinthu toyera timene timatsalira pa pepala losefera. Makina amaonetsa kuti pafupifupi mtovu wonse wachoka, wofufuza n'kuyamikira ufa wake pa ntchito imene sudagwire. N'chifukwa chake kuyesa kwambiri kumachitikira pa pH ya pafupi ndi 5.

Makala amabweretsa vuto lina pamenepa. Ali ndi phulusa, ndipo phulusa limakweza pH. Madzi amene adayamba pa 5 akhoza kuthera pa 8 makala atalowamo. Choncho pH imayezedwa kawiri, poyamba ndi pomaliza, ndipo ngati yakwera kwambiri makala amatsukidwa mpaka madzi otsukira asiye kusintha. Pokonza pH amagwiritsa ntchito HNO3 ndi NaOH. Asidi wa m'mabatire, H2SO4, sayenera pa ntchitoyi, chifukwa akakumana ndi mtovu amapanga mchere woyera wosasungunuka, mtovu n'kusowa m'madzi mwa njira yomweyo yonyenga.

Chida chotsimikizira zonsezi ndi mabotolo awiri apadera amene amatsagana ndi gulu lililonse la masampulo. Loyamba limakhala ndi madzi a mtovu opanda ufa. Ngati mtovu watsika m'botolo limeneli, ndiye kuti wadikha wokha, kapena wakakamira pa galasi kapena pa pepala losefera, ndipo kutsikako kuyenera kuchotsedwa pa zotsatira za mabotolo enawo. Lachiwiri limakhala ndi ufa m'madzi opanda mtovu, kuti zioneke ngati ufawo ukutulutsa chitsulo chake. Mabotolo onse amanyikidwa usiku wathunthu mu asidi wa HNO3 wosukulutsidwa asanagwiritsidwe ntchito, madontho oyamba otuluka m'sefa amatayidwa, ndipo sampulo yoyembekezera kupimidwa imathiridwa asidi yemweyo kuti pH itsike pansi pa 2. Kuyesa kulikonse kumachitika katatu. Zotsatira zitatuzo zikatalikirana kwambiri, vuto lili m'kagwiridwe ka ntchito, ndipo kuyesako kumabwerezedwa.

Makina nawo ali ndi malire ake. AAS ya lawi la moto imapima bwino mamiligalamu angapo pa lita, koma siodalirika pa milingo yaing'ono ngati 0.01. Makina akalemba ziro, sizitanthauza kuti mtovu watha. Zimatanthauza kuti wotsalawo ndi wochepa kuposa umene makinawo angaone. Pulopozo iyenera kutchula malire a makina amene adzagwiritsidwe ntchito, ndi labotale ina kumene masampulo ochepa adzatumizidwe ngati padzafunika makina oona mozama.

Malire a ufa ndi kuchuluka kofunika

Pamene mtovu wa poyamba ukusinthidwa, mwachitsanzo kuyambira mamiligalamu 10 mpaka 200 pa lita, nambala ya q imakwera kenaka n'kuima, chifukwa timalo tadzaza. Kakweredweka kamafotokozedwa ndi masamu amene katswiri wa ku Amereka, Irving Langmuir, adafalitsa mu 1918:

q = qmax × b × Ce / (1 + b × Ce)

Nambala ya qmax ndi mtovu wonse umene galamu imodzi inganyamule itadzaziratu, ndipo b imaonetsa mphamvu imene ufa umakokera chitsulo. Ofufuza ambiri amalengeza qmax ngati chotsatira chachikulu. Koma qmax imafikidwa m'madzi a mtovu wambiri zedi, pamene madzi a ku fakitale oyembekezera kumalizidwa amakhala ndi wochepa.

Chitsanzo chija chikapitirizidwa, kusiyanaku kumaoneka. Ngati qmax ndi 15 ndipo b ndi 0.16, masamuwa amapereka 8.4 pamene mtovu wotsala ndi mamiligalamu 8 pa lita, monga zidapezekera m'botolo muja. Koma pamene mtovu wotsala uyenera kukhala miligalamu imodzi pa lita, galamu ya makala imagwira mamiligalamu 2 okha. Malo otaya malita 10,000 pa tsiku, ofuna kutsitsa mtovu kuchoka pa 5 kufika pa 1, ayenera kuchotsa magalamu 40 a mtovu tsiku lililonse. Wowerengera ndi qmax anganene kuti makala osakwana makilogalamu atatu ndi okwanira. Zoona zake n'zakuti pakufunika makilogalamu 20 a makala, ochokera ku makilogalamu pafupifupi 70 a zitsononkho zouma, tsiku ndi tsiku. Apa ndi pamene mawu akuti chogwirira chotchipa amayesedwa. Zitsononkho si zaulere kwenikweni: m'midzi anthu amakolezera moto, ziyenera kunyamulidwa kuchoka kumene chimanga chikupukusidwa, ndipo kuziwotcha kumadya nkhuni kapena magetsi. Zonsezi ziyenera kulowa m'mtengo wa kilogalamu imodzi ya makala usanayerekezedwe ndi wa makala ogula.

Madzi enieni ndi kuyesa m'paipi

Madzi a kumalo okonza mabatire amasiyana kwambiri ndi a mu labotale. Ali ndi asidi wambiri, mafuta, matope, chitsulo chadzimbiri, kashiyamu ndi maginiziyamu. Asanakumane ndi ufa amapimidwa zonsezi, ndipo mtovu umapimidwa kawiri: wonse pamodzi, ndi wosungunuka wokha umene umadutsa sefa ya mamayikilomita 0.45. Kusiyana kwa manambala awiriwa ndi mtovu wa m'matope, umene kudikhitsa madzi kokha kungauchotse. Popeza asidi wake ndi wambiri, madziwa amayamba athiridwa laimu pang'ono kuti pH ifike pafupi ndi 5. Laimuyo amabweretsa kashiyamu, amene amalimbirana malo ndi mtovu. N'zoyembekezeka kuti q itsike poyerekeza ndi ya madzi oyera, ndipo kukula kwa kutsikako ndi chinthu chatsopano chimene kafukufukuyu angapereke.

Ku fakitale palibe amene angagwedeze mabotolo, choncho gawo lomaliza la kuyesa limachitikira m'paipi yagalasi yoimirira, ya masentimita awiri m'mimba mwake, yodzazidwa makala kufika masentimita 10. Madzi amadutsamo pang'onopang'ono, mamililita 5 pa mphindi, ndipo otuluka amapimidwa pa nthawi zoikika. Poyamba amatuluka opanda mtovu wooneka. Makala a kolowera amadzaza, kenaka apakati, mpaka mtovu umayamba kuonekera kotulukira. Kuchuluka kwa madzi amene adutsa mtovu usanafike pa malire ololedwa ndi nambala imene imauza mwini fakitale kuti makala azisinthidwa liti. Njira ya paipi imapindulitsa makala kuposa ya m'botolo, chifukwa makala a kolowera amakumana ndi madzi a mtovu wambiri mpaka kudzaza bwino.

Paipi nayo ili ndi zovuta zake zodziwika. Mtovu ukaonekera kotulukira mofulumira kwambiri, kawirikawiri madzi adzipezera kanjira m'mbali mwa galasi osakhudza makala ambiri, chifukwa makalawo sadatsenderedwe mofanana kapena mudatsalira mpweya. Madzi akamachedwerachedwera kutuluka, timisere tosalala kapena matope atseka njira. Ufa wauwisi uli ndi vuto linanso: umatulutsa madzi achikasu, umafufuma, ndipo ukakhala masiku angapo uli wonyowa umachita nkhungu, motero madzi amachoka mtovu koma n'kudetsedwa ndi zowola.

Kumene mtovu umathera

Ufa sufafaniza mtovu, umangousamutsa kuchoka m'madzi kupita m'makala. Makala odzazawo ndi zinyalala zoopsa, ndipo kuopsa kwake n'kokulirapo chifukwa amaoneka ngati makala wamba. Akaikidwa pa mbaula, mtovu umathera m'utsi ndi m'phulusa la pakhomo. Akamwazidwa m'dimba ngati manyowa, umabwerera m'chakudya. Akatayidwa kudzala, mvula imaukokolola pang'onopang'ono. Pulopozo yosanena za gawo limeneli yangosuntha vuto.

Njira ziwiri zikhoza kuyesedwa pa mlingo wa masitazi. Yoyamba ndi kutsuka makala ndi asidi wa HNO3 wosukulutsidwa, amene amachotsa mtovu pa timalo tija n'kuusonkhanitsa m'madzi ochepa, ndipo makala amagwiritsidwanso ntchito. Izi zimabwerezedwa katatu kapena kasanu, uku q ikuyezedwa ulendo uliwonse kuti zioneke mmene mphamvu ya makala ikutsikira. Yachiwiri ndi kusakaniza makalawo ndi simenti n'kuumba timabuloko, timene tikauma timaphwanyidwa n'kunyikidwa m'madzi a asidi pang'ono kuti zidziwike ngati mtovu ukutuluka. Madzi onse a mtovu otsala mu labotale amasungidwa m'zigubu zolembedwa, osathiridwa mu sinki, ndipo wofufuza amavala magolovesi ndi magalasi oteteza maso, komanso chophimba kumphuno popera ndi posefa ufa.

Bajeti, nthawi ndi zilolezo

Bajeti yodalirika imayambira pa kuwerenga masampulo, chifukwa ndalama zambiri zimathera pa kupima, osati pa zitsononkho. Zogwirira zitatu, chilichonse choyesedwa katatu, zimapereka mabotolo 9 pa mlingo uliwonse. Milingo isanu ya pH imafuna masampulo 45, milingo isanu ya ufa 45, nthawi zisanu ndi zitatu zogwedeza 72, ndipo milingo isanu ndi umodzi ya mtovu 54. Onse pamodzi ndi 216, osawerengera mabotolo otsimikizira, madzi enieni, paipi ndi kutsuka makala, zimene zimakweza chiwerengero kupitirira 300. Nambala imeneyi ikachulukitsidwa ndi mtengo wopimira sampulo imodzi imaonetsa ngati ntchitoyo ingatheke. Pamwamba pake pamabwera mankhwala, mapepala osefera, gasi woyatsira lawi la AAS, nyale yapadera yopimira mtovu ndi mayendedwe okatenga madzi.

Ndondomeko ya nthawi iyenera kutsata nyengo. Zitsononkho zimapezeka zambiri m'miyezi yotsatira kukolola, ndipo zosungidwa mpaka dzinja zimachita nkhungu. Madzi a m'ngalande amasukuluka m'nyengo ya mvula, choncho ndi bwino kutenga masampulo m'chilimwe komanso m'dzinja. Mankhwala oitanitsa kunja amachedwa, magetsi amazima, makina amawonongeka, ndipo ndondomeko yanzeru imasiya mwezi umodzi kapena iwiri yopanda ntchito yoikika. Chilolezo cha komiti yoona za kafukufuku pa yunivesite chimafunika ntchito isanayambe, pamodzi ndi kalata ya eni malo otengako madzi. Eni ake ambiri amavomera pokhapokha atalonjezedwa kuti dzina lawo silidzatchulidwa, ndipo ngati angadzakane, pulopozo iyenera kutchuliratu malo ena.

Gawo lomaliza limanena zimene kafukufuku adzapereke akadzatha. Pa chitsanzo cha zitsononkho, zimenezi ndi manambala atatu: mtovu umene galamu imodzi ya makala imagwira m'madzi enieni, malita amene kilogalamu imodzi ingayeretse mtovu usanapyole malire, ndi mtengo woyeretsera malita 1,000 poyerekeza ndi makala ogula, kuphatikizapo ndalama zosamalira makala odzaza. Manambalawa akhoza kuonetsa kuti zitsononkho n'zothandiza pomalizitsa madzi amene athiridwa kale laimu, kapena kuti pamafunika zochuluka kwambiri moti njirayi siipindula. Mayankho onse awiri ndi ovomerezeka pa digiri ya masitazi, malinga ngati njira yowapezera idatseka mipata yonse imene mtovu ukadasowera popanda ufa kuugwira.